Ntchito ikupita kwa wina, koma anzathu ndiwauze bwanji osawayalutsa achikulire?

Mlongo_wa_Limbe:
Abale, ndithandizeni nzeru lisanafike Lolemba. Ndimayang'anira ofesi ya akaunti pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe. Ndife ochepa, tonse timakwana m'chipinda chimodzi. Pali bambo ena achikulire amene ndinawapeza pakampanipo, ndipo ndi iwo akhala akukonza za msonkho: PAYE imene imayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndi VAT ya pa 25. Chaka chino kampani inatsegula shopu ina, ndiye eni kampani anawawonjezera ntchito yowerengera katundu kumeneko. Chiyambire pamenepo za msonkho zakhala zikuchedwa, mpaka tinalipira chindapusa, ndipo ofesi yonse ikudziwa. Tsopano abwana alamula kuti za msonkho zipite kwa mtsikana wina amene anabwera chaka chatha, achikulirewo atsale ndi sitoko ndi kulondola ngongole za makasitomala. Zoti ntchito isamuke ndikugwirizana nazo. Chondisowetsa tulo ndi mawu. Ndiwauza bwanji anzathu pa miting'i kuti asaone ngati bambowa alandidwa ntchito chifukwa alephera? Ndi munthu woti anandiphunzitsa ine ndemwe kuwerengera PAYE.

Chimbalanga77:
Lembani memo ya mzere umodzi. Kuyambira pa 1 za msonkho zili ndi Mayi Uje. Basi. Pantchito si pachinkhoswe. Mukachulutsa mawu m'pamene anthu amayamba kufunafuna chimene mukubisa.

Nachisale_BT:
Koma mwawapatsa machenjezo olemba? Simungangomuchotsa munthu ntchito chifukwa wachedwetsa mapepala. Lamulo limati mumumve kaye mbali yake. Akakutengerani ku khoti la za ntchito mudzatuluka thukuta.

Mlongo_wa_Limbe:
Ayi mayi, sakuchotsedwa. Malipiro ndi omwewo, udindo ndi womwewo, desiki ndi yomweyo. Ndi gawo limodzi chabe la ntchito limene likusamuka.

Nachisale_BT:
Ooh, pepani ndinawerenga mothamanga. Komabe ndikanakhala ine ndikanalemba penapake kuti malipiro sakusintha.

Agogo_a_HR:
Achemwali a ku Limbe, ndisanayankhe za mawu ndifunse kaye. Eni akewo mwawauza?

Mlongo_wa_Limbe:
Ayi. Abwana anangoti ndidzalengeze Lolemba pa miting'i ya m'mawa.

Agogo_a_HR:
Ndiye vuto lanu si mawu ayi, ndi ndondomeko. Ngakhale mutasankha mawu okoma bwanji, bambowo akadzamva koyamba pamaso pa anthu, chimene anzawo adzakumbukire si mawu anu koma nkhope yawo. Munthu akadzidzimuka sangabise. Adzayang'ana pansi, kapena adzafunsa kuti "kuyambira liti?", ndipo funso limenelo lokha lidzauza chipinda chonse kuti zawagwera. Pamenepo mwawayalutsa kale musanatchule n'komwe chifukwa.

Yambani ndi iwo, awiriwiri, chitseko chotseka, ndipo pasakhale mphindi zisanu miting'i isanayambe. Apatseni usiku woti agone nayo nkhaniyo. Kumeneko nenani zoona zonse: kuti chindapusa chija chawakwiyitsa abwana, kuti inu mukuona kuti ntchito ziwirizo sizikukwanira munthu mmodzi, ndiponso kuti chiganizo chapangidwa kale. Mfundo yomalizayi musaifewetse. Ambiri amalowa ndi mawu oti "mukuona bwanji titati tisinthe", munthu n'kuganiza kuti akufunsidwa maganizo, n'kukana, kenako Lolemba n'kumva zikulengezedwa. Kumeneko n'kumupweteka kawiri.

Mukatero auzeni chimene chili m'manja mwawo. Ntchito ikusamuka, zimenezo sangasinthe. Koma mmene anzawo adzamvere, tsiku lopatsirana, ndi mawu oti anenedwe, zimenezo mukonze limodzi. Awerengereni ziganizo zenizeni zimene mudzanene, ndipo muwalole achotse liwu limene likuwabaya.

Wachiwiri kumva ndi mtsikanayo, nayenso payekha. Gulu limamva pomaliza. Ngati simungathe kulankhula ndi awiriwa lisanafike Lolemba, pemphani abwana kuti chilengezo chidikire sabata imodzi.

Mphunzitsi_Dowa:
Agogo anena zoona. Ine zinandichitikira pasukulu ina imene ndinkaphunzitsa. Ndinkakonza ndandanda wa mayeso a teremu kwa zaka zambiri. Tsiku lina pa miting'i ya aphunzitsi ahedi anangoti, "Chaka chino ndandanda akonza a Uje kuti pasakhalenso chisokonezo." Liwu loti "pasakhalenso" lija ndimalimvabe. Chisokonezo chimene ankanena chinali cha tsiku limodzi pamene makalasi awiri anagundana pa chipinda, ndipo anasintha chipindacho anali iwo eni. Ntchitoyo sindinkaikonda n'komwe, inkandidyera Loweruka langa. Akanandiitana ku ofesi ndikanawathokoza. Koma kuchokera tsiku limenelo mphunzitsi aliyense watsopano ankauzidwa kuti uyu ndi uja analandidwa ndandanda.

WaKuJoni:
Njira yosavuta ilipo. Ingonenani kuti achikulire apempha okha kuti apepukidwe. Kuno kumalo odyera kumene ndimagwira manejala amatero akamasintha wokonza mashifiti. Aliyense amatuluka ndi ulemu wake.

Agogo_a_HR:
Ngati apemphadi, nenani. Ngati sanapemphe, musayerekeze. Ofesi ya anthu ochepa bodza silifika nthawi ya nkhomaliro. Wina adzawafunsa pa tiyi kuti "ndiye mwatopa nazo eti?", iwo n'kuyankha kuti "ine ndangomva ngati inu". Pamenepo anthu aphunzira zinthu ziwiri, kuti bambowa achotsedwa pa ntchitoyo mwamphamvu, ndiponso kuti woyang'anira wawo amanama. Komanso mwawakakamiza achikulire kusankha pakati pa kukunamirani ndi kukutsutsani.

WaKuJoni:
Koma akagwirizana nazo eni akewo, bodza lili pati? Ena amakonda kuti zinenedwe choncho.

Agogo_a_HR:
Pamenepo tayandikirana. Akamva nkhaniyo n'kunena okha kuti "inenso zimandilemera, ndibwino zipite", mutha kunena kuti "takambirana ndipo tagwirizana". Zimenezo n'zoona. Koma "apempha" ndi nkhani ina, chifukwa amene anayambitsa si iwo.

Chimbalanga77:
N'chifukwa chake ndikuti osapereka chifukwa chilichonse. Chifukwa chilichonse chimene mungapereke chili ndi mchira.

Mai_Stock_Mzuzu:
A Chimbalanga, njira yanu imagwira ku kampani yaikulu kumene anthu amasinthidwa chaka ndi chaka ndipo palibe amadabwa. Muofesi iyi onse akudziwa za chindapusa. Mukangokhala chete pa chifukwa, anthu adzadzaza okha mpatawo, ndipo adzadzaza ndi chindapusacho basi. Mwinanso ena awonjezere kuti pasowa ndalama, chifukwa munthu akachotsedwa pa za msonkho mwakachetechete anthu amaganiza zakuba. Chofunika ndi chifukwa chimodzi, chachifupi, choona, chimene chikunena za ntchito osati za munthu. Apa chilipo kale, sichofuna kupeka: shopu yachiwiri yabweretsa ntchito yowerengera katundu, ndipo masiku ake akugundana ndi a msonkho.

Chimbalanga77:
Chabwino, chifukwa chimodzi. Koma chiganizo chimodzinso, osati ulaliki.

Mlongo_wa_Limbe:
Zikomo nonse. Ndalemba izi, tandiuzani:

"Anzanga, kuti zinthu ziziyenda bwino komanso tizikwaniritsa masiku a MRA, taganiza zopereka za msonkho kwa Mayi Uje amene ali ndi luso la makompyuta. Tithokoze Bambo Uje chifukwa cha ntchito yaikulu imene agwira mokhulupirika kwa zaka zonsezi. Tiwapepuzeko pang'ono. Palibe amene walakwa."

Mphunzitsi_Dowa:
Mayo ine. Achemwali, mwalemba ndi mtima wabwino koma ziganizo zonse zikubaya.

Agogo_a_HR:
Tiyeni tiziwerenge mmene adzazimvere mnyamata wokhala kumbuyo uja amene amakonda kunong'ona.

"Kuti zinthu ziziyenda bwino" akumva kuti sizimayenda. "Tizikwaniritsa masiku a MRA" ndiye mwatchula chindapusa popanda kuchitchula, ndipo mwachimangirira pa munthu mmodzi. "Amene ali ndi luso la makompyuta" mwayerekeza anthu awiri, ndipo aliyense wamva kuti winayo alibe. Lamulo langa pa zilengezo zotere n'lakuti musayamikire wolandira ntchito pa chinthu chimene chingamveke ngati chosowa mwa wosiyayo. Mtsikanayo mudzamuyamikira tsiku lina.

Kuthokoza "kwa zaka zonsezi" kukumveka ngati mawu otsanzikana ndi munthu wopuma pa ntchito, pamene bambowa mawa adzakhala pa desiki yomweyo. Ngati mukufuna kuthokoza, tchulani chinthu chimodzi chooneka, monga mafayilo amene asunga kapena tebulo lowerengera limene anapanga, ndipo chikhale choti mtsikanayo adzachigwiritsadi ntchito. Kuyamika kwa chinthu chenicheni kumamveka ngati ulemu. Kuyamika kopanda chogwirika anthu amadziwa kuti ukupaka mafuta pabala.

Chomaliza chija chotsani ndithu. Ukanena kuti palibe walakwa pamene palibe anafunsa, wauza anthu kuti pali wolakwa.

Chimene chikusowa m'mawu anu ndi chachikulu kuposa zonsezi. Simunanene chimene bambowa atsala nacho. Chilengezo chanu chili ndi munthu mmodzi wolandira ndi mmodzi wotaya. Chisandutseni kugawa ntchito, aliyense atuluke ndi chake m'manja, ndipo yambani ndi iwo.

Mai_Stock_Mzuzu:
Ine ndikanalemba chonchi:

"Anzanga, chitsegulire shopu yachiwiri, kuwerengera katundu ndi za msonkho zakhala zikugwa sabata zofanana pa munthu mmodzi. Ndiye tagawa motere kuyambira pa 1 mwezi wamawa. Bambo Uje ayang'anira sitoko ya mashopu onse awiri ndi ngongole za makasitomala. Mayi Uje atenga PAYE ndi VAT. VAT ya mwezi uno amaliza ndi Bambo Uje, ndipo PAYE yoyamba adzakonzera limodzi pogwiritsa ntchito tebulo lija anapanga Bambo Uje. Kuyambira pa 1, mainvoisi ndi mafunso a msonkho azipita kwa Mayi Uje."

Palibe luso la wina, palibe zaka zonsezi. Munthu akamva akudziwa kuti pepala lake alipereke kwa ndani komanso liti.

Mphunzitsi_Dowa:
Ahedi anga aja akanalankhula chonchi bwenzi ndilibe nkhani yofotokoza pano.

Kalulu_wa_Area25:
Funso lapambali. Mulengeza pakamwa kapena pa WhatsApp? Chifukwa kwathu zonse zimathera pa gulu la ofesi, ndipo anthu amayamba kuponya timitima ndi manja owomba kwa wolandira ntchito. Wosiyayo amangoona foni ikulira, aliyense "zabwino zonse achemwali", iye palibe womutchula.

Nachisale_BT:
Zimenezo ndiye zoona! Komanso choipitsitsa ndi chija WhatsApp imalemba yokha kuti wakuti wachotsa wakuti. Kutchalitchi kwathu anasintha msungichuma wa amayi, mlembi n'kungomuchotsa wakaleyo pa gulu la komiti usiku womwewo. M'mawa aliyense anadzuka n'kuona mzere umenewo. Mayiwo anasiya kubwera ku mapemphero a Lachinayi mwezi wathunthu.

WaKuJoni:
Magulu a tchalitchi ndiye musayambe n'komwe. Lathu la kuno lili ndi ma adimini asanu ndi awiri chifukwa palibe amene ali ndi mtima wochotsa mnzake.

Kalulu_wa_Area25:
Hahaha mpaka amene anabwerera ku Malawi akadali adimini eti?

WaKuJoni:
Mmodzi ali ku Mangochi akugulitsa usipa koma akuvomerezabe anthu olowa.

Mlongo_wa_Limbe:
Abale mwandiseketsa, koma tibwerere ku Limbe. Gulu loterolo lilipodi, la ine, abwana, achikulirewo ndi akauntanti wakunja amene amatiwerengera mabuku pachaka. Mtsikanayo ayenera kulowamo. Achikulire ndiwachotse?

Agogo_a_HR:
Mulowetseni mtsikanayo, achikulire asiyeni mpaka kupatsirana kutatha. Pambuyo pake auzeni kuti atha kutuluka okha akafuna. Mzere woti munthu watuluka ndi wosiyana ndi woti wachotsedwa.

Pa funso la a Kalulu, lengezani pakamwa, kenako mawu omwewo mutumize olemba tsiku lomwelo, osawonjezera kapena kuchotsa. Pakamwa anthu amaona kuti bambowo sakudabwa, akugwedeza mutu, ndipo zimenezo zimatseka miseche kuposa mawu aliwonse. Zolembazo ndi za amene sanalipo, kuti asamve kwa mnyamata wakumbuyo uja. Ndipo musaike nkhaniyi yokha ngati chifukwa choitanira miting'i. Ikhale pakati pa nkhani zina za sabatayo, mphindi ziwiri, mupitirire.

Chimbalanga77:
Nanga wina akadzutsa dzanja n'kufunsa kuti "kodi n'chifukwa cha chindapusa chija?" Mudzati chiyani? Apa m'pamene nzeru zanu zonsezi zimathera.

Mai_Stock_Mzuzu:
Funso labwino, ndipo lidzafunsidwadi. Osakana, chifukwa onse akudziwa. Ine ndingayankhe kuti, "Chindapusa chija chinationetsa kuti tinaunjika ntchito ziwiri pa munthu mmodzi m'masiku ofanana. Kugawa ntchito ndi udindo wanga, ndiye ndikukonza." Kenako nkhani yotsatira.

Chimbalanga77:
Ndiye kuti mayiwa asenze mlandu wa wina? Anachedwetsa mapepala ndi iwo?

Mai_Stock_Mzuzu:
Sakusenza mlandu wa wina. Amene anaunjika ntchito ndi akuluakulu, ndipo mayiwa ndi mmodzi wa akuluakuluwo. Gawo limenelo ndi loona ndipo ndi loti linganenedwe pagulu. Ngati achikulire ali ndi gawo lawo, mwachitsanzo sananene msanga kuti zawachulukira, zimenezo zikambidwe kuchipinda.

Chimbalanga77:
Pa nkhani iyi ndavomera chifukwa shopu yachiwiri ilipodi. Koma tisanamizane. Nthawi zina munthu amangolephera basi, palibe shopu yachiwiri yobisalako. Pamenepo mudzapeka chiyani?

Agogo_a_HR:
Pamenepo simupeka kanthu, ndipo memo yanu ya mzere umodzi ija imayandikira kukhala yolondola. Mumanena amene watenga chiyani, kuyambira liti, wosiyayo akugwira chiyani, ndipo wofunsa chifukwa mumamuuza kuti zokambirana za munthu ndi womuyang'anira sizibwera pa miting'i, ndipo zake nazonso sizidzabwera. Anthu adzaganiza zimene akuganiza, zimenezo simungaletse. Chimene mungaletse n'chakuti zisatuluke pakamwa panu.

Mtsikana_wa_Payroll:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Nonse mukuganizira achikulire, koma mtsikanayo bwanji? Ine ndinakhalapo pamalo pake. Ndinapatsidwa ntchito ya malipiro imene ankagwira amayi ena aakulu, ndipo kwa miyezi anthu ankandiona ngati ndinachita kuwakumbira dzenje. Ena mpaka ankati ndili pachibwenzi ndi bwana. Chinanso, anthu anapitiriza kupititsa mapepala kwa amayi aja chifukwa anazolowera, iwo n'kumalandira chifukwa cha manyazi okana, ine n'kumadikira mapepala amene ali mudirowa ya wina. Ndiye a ku Limbe, nenani momveka kuti chiganizochi ndi cha akuluakulu, mtsikanayo sanapemphe. Ndipo mumuuze kuti akapeza zolakwika m'mafayilo akale asazitulutse pagulu, abwere nazo kwa inu. Wolandira ntchito akangoyamba zoti "ndapeza zinthu zili bwerekete", ulemu wonse umene mwaukonza pa miting'i wapita.

Mlongo_wa_Limbe:
Izi ndiye ndazilemba pakope. Zikomo achemwali.

Kalulu_wa_Area25:
Palibe amene watchula ndalama. Ntchito ya msonkhoyo ilibe kangachepe? Thiransipoti yopitira ku banki kapena ku MRA, mayunitsi, alawansi ya nkhomaliro? Anthu ambiri akalandidwa ntchito chimene chimawawawa si ulemu wokha.

Mlongo_wa_Limbe:
Zambiri timatumiza pa Msonkho Online, ndiye maulendo ndi ochepa. Koma amalandira ya mayunitsi ndi intaneti mwezi uliwonse chifukwa cha ntchito imeneyi.

Agogo_a_HR:
Ndiye funsani abwana za ndalama imeneyo musanakumane ndi achikulire, chifukwa mukawauza kuti palibe chikusintha kenako pakutha pa mwezi n'kupeza yachotsedwa, mawu anu onse asanduka bodza. Ngati akuyendera mashopu awiri, chifukwa chowasiyira ndalamayo chilipo.

Apa mfundo ya a Nachisale ija ikubwerera. Mu Employment Act ya 2000, kutsitsa munthu paudindo kuli m'gulu la zilango, pamodzi ndi chenjezo lolemba ndi kuimitsidwa. Lamulo lomwelo limalolanso wantchito kusiya ntchito n'kudandaula ngati olemba ntchito amuchitira zinthu zoti sangapitirize nazo. Kusuntha gawo limodzi la ntchito, malipiro ndi udindo zili zomwezo, si kutsitsa munthu. Koma mukachotsa ntchito, n'kuchotsa ndalama, n'kulengeza pagulu kuti walephera, osamumva mbali yake, mwayamba kupanga chinthu chooneka ngati chilango chopanda mlandu. Ndiye kalata yaifupi kwa iwo yonena ntchito zawo zatsopano ndi kuti malipiro ndi udindo sizikusintha ndi yothandiza mbali zonse.

Nachisale_BT:
Mwaona, sindinasochere kwenikweni.

Mai_Stock_Mzuzu:
China chaching'ono koma chimapweteka: pasiwedi. Ya pa Msonkho Online iyenera kusintha, komanso imelo ndi nambala zimene zimalandira mauthenga. Koma zisinthidwe iwo ali pomwepo, atakhala limodzi ndi mtsikanayo, ngati gawo la kupatsirana. Osati adzayese kulowa m'mawa n'kupeza khomo latsekedwa. Akauntanti wakunja uja naye muuzeni ndi mawu omwe aja, chifukwa akangoimba foni kwa achikulire kufunsa za VAT, adzakakamizika kufotokoza okha kuti si iwonso.

WaKuJoni:
Bwanji achikulirewo alengeze okha pa miting'i? Zimaoneka bwino, ngati akupereka ndodo kwa mwana.

Mphunzitsi_Dowa:
Ine ndikanakana. Kundilanda ntchito kenako kundipatsa ntchito yolengeza kulandidwa kwanga?

Agogo_a_HR:
Zimatengera munthu. Ena amafuna, ena zimawawawa. Koma ngakhale afune, mawu oyamba akhale a woyang'anira, chifukwa chiganizo ndi chake. Iwo atha kuwonjezera za kupatsirana.

WaKuJoni:
Ine ndikuonabe kuti akayamba iwo miseche imafa msanga. Koma ndinu odziwa.

Mlongo_wa_Limbe:
Ndabweranso. Abwana avomera kuti tidikire mpaka VAT ya pa 25 itumizidwe, kuti chomaliza chimene anthu aone achikulire akuchita pa msonkho chikhale chotuluka pa nthawi yake. Ya mayunitsi ati achikulire azilandirabe. Achikulirewo ndakumana nawo dzulo madzulo anthu ataweruka. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatenga pepala lija la a Mai_Stock, n'kuvala magalasi, n'kuliwerenga kawiri. Anapempha zinthu ziwiri. Choyamba, liwu loti kuwapepuza lisamveke paliponse, ati anthu adzaganiza kuti akalamba. Mwamwayi linali litachoka kale. Chachiwiri, pomwe palembedwa kuti PAYE yoyamba adzakonzera limodzi, ati ndinene kuti adzamuonetsa mtsikanayo, chifukwa ndi zimene zidzachitikedi. Ndavomera. Kulankhula pa miting'i akana.

Koma anandiuzanso chinthu china. Ati VAT imachedwa osati chifukwa cha kuwerengera katundu kokha. Mainvoisi a ogulitsa katundu amene amatsitsira ku shopu yatsopano amakhala kumeneko mpaka dalaivala atakumbukira kuwabweretsa, nthawi zina cha pa 22 kapena 23, ndipo popanda iwo sungawerengere VAT ya zogula. Ati anawauzapo abwana pakamwa. Ndiye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanayo mukamupatsa ntchitoyi osakonza zimenezo, mwezi wachiwiri mudzakhala mukulemba pepala lina ngati ili."

Mtsikana_wa_Payroll:
Eee! Konzani zimenezo asanalandire, chonde. Apo ayi mwamuponya m'dzenje lomwelo, ndipo iye alibe zaka zomuteteza.

Mai_Stock_Mzuzu:
Ikani mu chilengezo chomwecho. Mainvoisi onse a shopu yatsopano azifika ku ofesi Lachisanu lililonse, ndipo a mwezi wathawo akhale atafika pofika pa 10. Tchulani amene adzawatumize. Zikuthandizaninso pa nkhani ya ulemu, chifukwa aliyense womva adzazindikira yekha kumene kuchedwa kunkachokera popanda inu kuteteza munthu.

Chimbalanga77:
Ndiye funso langa ndi ili. Ngati vuto ndi mainvoisi, ntchitoyo ikusamukiranji? Konzani mainvoisi, achikulire apitirize.

Mlongo_wa_Limbe:
Ndinawafunsa zomwezo. Ati ngakhale mainvoisi abwere msanga, sitoko ya mashopu awiri ndi ngongole zikuwakwanira, ndipo PAYE ya pa 14 imagwa sabata imene amakhala kuwerengera katundu. Sakukondwa ndi mmene zayambira koma sakulimbana nazo. Mantha anga tsopano ndi abwana. Amakonda kulowa pa miting'i mwadzidzidzi n'kuwonjezera mawu awo, ndipo mawu awo okondedwa ndi oti "sitikufunanso zindapusa pano".

Agogo_a_HR:
Apatseni pepalalo pasadakhale, muwauze kuti achikulire aliwerenga ndipo avomera mawu ake mmene alili. Ngati akufuna kulankhula, apatseni mzere wa mainvoisi uja kuti anene iwo, poti dalaivala ndi anthu a ku shopu amamvera iwo kuposa inu. Munthu wokonda kulankhula ukamupatsa chonena sakhala ndi mpata wopeka chake.

Kalulu_wa_Area25:
Agogo simukuwadziwa mabwana a ku Limbe. Adzanena mzere wa mainvoisiwo, kenako adzawonjezera wa zindapusa.

Chimbalanga77:
Ikani miting'iyo tsiku limene amapita kukaona shopu yatsopano.

Mlongo_wa_Limbe:
Amapita Lachitatu. Koma akadzamva kuti ndalengeza iwo kulibe, ine ndiye ndidzabweranso pano ndi nkhani yanga ina.